Kanema Wautali Akadulidwa M'machaputala

Kamzere kofiira kamene kamayenda m'munsi mwa kanema wa pa YouTube n'kakafupi zedi. Pa foni wamba yogwiridwa choimiritsa, kutalika kwake ndi masentimita 6 kapena kupitirirapo pang'ono. Kanema akakhala wa maola awiri, mphindi zonse 120 zimapanikizana pakamzere komweko, kotero kuti milimita imodzi yokha imanyamula mphindi ziwiri. Nsonga ya chala cha munthu wamkulu imaphimba pafupifupi sentimita yathunthu, ndiye kuti mphindi 20. N'chifukwa chake munthu wofuna pamene nduna ya zachuma inatchula za misonkho powerenga bajeti, kapena pamene kwaya inayamba kuimba pamapemphero aatali, amavutika chonchija. Akakoka kamzere amapitirira, akabwerera amatsalira, akamvetsera pang'ono amapeza kuti si pamenepo. Ambiri amangogwa ulesi n'kutseka.

Vutoli silinalipo pachiyambi. YouTube inayamba mu 2005, ndipo chaka chotsatira eni ake anaika lamulo loti kanema asapitirire mphindi 10. Mu Julaye 2010 malirewo anafika pa mphindi 15, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anthu ena anayamba kuloledwa kuika makanema aatali kuposa pamenepo. Lero munthu amene watsimikizira akaunti yake angathe kuika kanema wa maola 12. Maphunziro athunthu, misonkhano ya atolankhani, maulaliki, zokambirana za pawailesi ndi mipira yonse zinasefukira pa intaneti, koma chida chofufuzira m'kati mwake chinangokhala kamzere komwe kaja.

Oonera ndiwo anayamba kudzithandiza okha. YouTube inali kale ndi kachizolowezi kakuti munthu akalemba nthawi, monga `12:34`, pansi pa kanema, manambalawo amasanduka linki, ndipo ukawadina kanema amalumphira pamphindi imeneyo. Anthu a mtima wabwino ankaonera kanema yense n'kulembera anzawo mndandanda wa pamene nkhani iliyonse ikuyambira. Mu Meyi 2020 YouTube inatenga nzeru imeneyi n'kuikhazikitsa pakamzere penipeni. Mwini kanema akalemba mndandanda wa nthawi m'bokosi lofotokozera kanema, lija lolembedwa kuti `Description`, kamzereko kamaduka zidutswazidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chimakhala ndi dzina. Zidutswazo ndizo machaputala. Amene anakula akuonera mafilimu a pa DVD akudziwa kale kuti chimbale chinkalola munthu kusankha chigawo cha filimu. Chatsopano apa n'chakuti ntchitoyi tsopano ili m'manja mwa aliyense wodziwa kulemba manambala.

Malamulo atatu ndi kanema wa nkhuku

Kuti kamzere kaduke, YouTube imafuna zinthu zitatu. Nthawi yoyamba pamndandanda iyenera kukhala `0:00`. Payenera kukhala nthawi zosachepera zitatu, zolembedwa motsatana kuyambira yaing'ono kupita m'mwamba. Ndipo chaputala chilichonse chisachepere masekondi 10. Palibe pulogalamu yapadera yogula, palibenso chifukwa choikiranso kanema kachiwiri. Ndi zolemba chabe.

Mwachitsanzo, mlangizi wa ziweto wajambula phunziro la mphindi 52 la kaweredwe ndi kasamalidwe ka nkhuku, m'Chichewa, n'kulitcha "Kuweta nkhuku kuti upindule". Akaonera kanema wake ali ndi pepala ndi cholembera m'manja, n'kumalemba pamene nkhani ikusintha, angatuluke ndi mndandanda wotere:

```
0:00 Moni ndi zomwe zili m'kanemayu
1:40 Nkhuku zachikuda kapena za mikolongwe
7:15 Kumanga khola ndi kuyala utuchi
15:30 Kufunditsa anapiye masabata oyamba
23:05 Kusakaniza chakudya cha madeya ndi soya
31:20 Katemera wa chitopa ndi kadonthezedwe kake
37:50 Zizindikiro za nkhuku yodwala
44:10 Kuwerengera ndalama ndi phindu
```

Akangosunga zimenezi, kamzere kamaduka magawo asanu ndi atatu. Mayi wa ku Mponela amene nkhuku za oyandikana nawo zayamba kufa, ndipo chimene akufuna ndi nkhani ya katemera basi, safunikanso kusaka mwachimbulimbuli. Akamakoka chala pakamzere, dzina la chaputala limaoneka, ndipo mafoni ambiri amanjenjemera pang'ono chala chikadutsa malire a chaputala, kuti wogwira amve ngakhale chalacho chaphimba poonera. Angathenso kudina dzina la chaputala limene lili pafupi ndi manambala a nthawi, mndandanda wonse n'kutambasuka ndi tizithunzi take. Pa kompyuta, kudina `Ctrl` pamodzi ndi muvi wa kumanja kumalumphitsa kanema kupita kuchaputala chotsatira.

Phindu lake limaonekera m'thumba. Kanema wa pa intaneti sabwera yense nthawi imodzi; foni imakoka tizidutswa ta masekondi ochepa, n'kusungako pang'ono patsogolo pa pamene munthu akuonera. Zimene walumpha, kwakukulukulu sizikokedwa n'komwe. YouTube imanena kuti kanema wosawala kwambiri, wa 360p, amafuna intaneti yothamanga mamegabiti 0.7 pa sekondi. Kanema wa nkhuku uja atati azidya pa mlingo umenewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, angamalize mamegabaiti pafupifupi 270. Chaputala cha katemera, kuyambira 31:20 kufika 37:50, ndi mphindi zisanu ndi imodzi ndi theka, ndipo pa mlingo womwewo chingadye mamegabaiti 34 okha. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi, kusiyana kumeneku ndiko kumagamula ngati aonere kapena ayi. Kusaka mwachimbulimbuli nako kumadya, chifukwa paliponse pamene chala chatera foni imayamba kukoka tizidutswa tatsopano, n'kutitaya munthu akangolumphanso.

Machaputala akakana kuoneka, chifukwa chake kawirikawiri chimakhala chaching'ono moseketsa. Wina amayamba mndandanda pa `0:12` poganiza kuti nyimbo yotsegulira siyofunika kuitchula; manambala amadinika ndithu, koma kamzere sikaduka. Wina amaika kadontho m'malo mwa timadontho tiwiri, n'kulemba `7.15`, ndipo makina amangoona nambala wamba. Wina amasokoneza ndondomeko, 23:05 n'kubwera pambuyo pa 31:20. Palinso amene amaika chaputala cha moni cha masekondi asanu okha, osadziwa kuti chidutswa chimodzi chopereweracho chingalepheretse mndandanda wonse. Kanema akapitirira ola, nthawi imalembedwa ndi magawo atatu, monga `1:05:30`. Ndipo mndandanda wolembedwa mundemanga za oonera, ngakhale utakhomedwa pamwamba pa ndemanga zonse, umathandiza wodina koma supanga machaputala. YouTube imachenjezanso kuti tchanelo chimene chili pa chilango chifukwa chophwanya malamulo ake chingamanidwe mwayi umenewu.

Kuzindikira kuti zatheka n'kosavuta: munthu amatsegula kanemayo ngati mlendo, n'kuyang'ana ngati kamzere kali ndi timipata.

Pali vuto lina lobisika kuposa amenewa, chifukwa kamzere kamaoneka kabwinobwino. Mlangizi uja akadzaona kuti moni wake unatalika, n'kudula masekondi 40 koyambirira pogwiritsa ntchito chida chodulira cha mu YouTube Studio, nkhani zonse za m'kanema zimasendera kutsogolo ndi masekondi 40. Manambala amene analemba ndi dzanja akatsala momwe analili, wodina "Katemera wa chitopa" adzafikira pakati pa chiganizo, mlangizi atatchula kale dzina la katemera ndi msinkhu wa anapiye. Choncho kudula kulikonse kumafuna kuonanso mndandanda wonse. Ngakhale popanda kudula, odziwa ntchitoyi amaika nthawi sekondi imodzi kapena ziwiri nkhani isanayambe, pamene wolankhula akupuma, osati pamene wayamba kale mawu.

Chimene makina ofufuzira amaona

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi sioonekera msanga, koma ndiyo yolemera. Makina ofufuzira zinthu pa intaneti, monga Google, anakulira pa kuwerenga mawu olembedwa. Tsamba la nkhani amaliwerenga lonse, n'kudziwa kuti ndime yachisanu ikukamba za katemera. Kanema ndi wosiyana. Kwa zaka zambiri, chimene makinawo ankadziwa za kanema chinali chochokera kunja kwake: mutu, mawu ofotokozera, masamba ena amene akumutchula. Mutu wa kanema pa YouTube supitirira zilembo 100. Nkhani zisanu ndi zitatu za mlangizi uja sizingakwane m'menemo, ndipo mutu wakuti "Kuweta nkhuku kuti upindule" sukutchula chitopa, madeya kapena utuchi. Munthu akalemba pofufuzira kuti "katemera wa chitopa", kanema amene ali ndi yankho lake pamphindi 31 angakhale wosaoneka ngati kulibe.

Mndandanda wa machaputala umapatsa makinawo zinthu ziwiri nthawi imodzi: dzina la nkhani, ndi pamene nkhaniyo ili. Mabuku a m'Baibulo analembedwa opanda manambala. Machaputala amene ali m'Buku Lopatulika lero amati anawakonza ndi Stephen Langton, amene anadzakhala mkulu wa mabishopu ku Canterbury, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anabwera ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Mawu sanasinthe, koma kuyambira pamenepo mlaliki anatha kutchula buku, chaputala ndi vesi, mpingo wonse n'kutsegula pamodzimodzi. Nthawi yolembedwa pansi pa kanema imagwira ntchito yomweyo. Sekondi iliyonse ya kanema wa pa YouTube ili kale ndi keyala yake. Mphindi 31 ndi masekondi 20 ndi masekondi 1,880, ndipo kumata `?t=1880` kumapeto kwa linki yaifupi ya kanema kumachititsa kuti atsegukire pamenepo. Chimene chimasowa ndi munthu woti anene kuti pakeyala imeneyi pali chiyani.

Google inayamba kugwiritsa ntchito zimenezi poyera mu Sepitembala 2019, miyezi ingapo machaputala asanaoneke pa YouTube penipeni. Inalengeza kuti pansi pa makanema ena m'zotsatira za kufufuza pazioneka timalinki tolozera mbali zofunika za m'kati mwa kanemayo, zimene pa sikirini zimalembedwa kuti `Key moments`. Poyamba zinali za ofufuza m'Chingerezi, ndipo zinkachokera pa nthawi zimene eni makanema a pa YouTube analemba okha m'bokosi lofotokozera. Inayambanso kugwira ntchito ndi makampani oulutsa nkhani okhala ndi makanema pamasamba awoawo, monga CBS Sports ya ku America ndi NDTV ya ku India. Kuyambira pamenepo kanema mmodzi anatha kukhala ndi makomo angapo: wina kulowera pa khola, wina pa chakudya, wina pa katemera, aliyense malinga ndi funso lake.

Malangizo amene Google imapereka kwa olemba nthawi pa YouTube ndi apafupi ndi a machaputala aja. Nthawi iliyonse ikhale pamzere wakewake, dzina lake likhale pamzere womwewo, dzinalo likhale ndi liwu ngakhale limodzi, ndipo zonse zitsatane monga zilili m'kanema. Mndandanda umodzi wolembedwa bwino umakwanira pa ntchito zonse ziwiri.

Wailesi, sukulu kapena bungwe losunga makanema patsamba lakelake, osati pa YouTube, lili ndi njira ina. Wokonza tsamba amabisa m'kati mwake mawu oti awerengedwe ndi makina okha, otchedwa `Clip`, ofotokoza chigawo chilichonse. Chigawo cha katemera chija chingaoneke motere:

```json
{
  "@type": "Clip",
  "name": "Katemera wa chitopa",
  "startOffset": 1880,
  "endOffset": 2270,
  "url": "https://www.example.com/nkhuku?t=1880"
}
```

Manambala awiriwo ndi poyambira ndi pothera, powerenga masekondi kuchokera pachiyambi cha kanema: 31:20 ndi 1,880, ndipo 37:50 ndi 2,270. Mzere womaliza ndi linki yotsegulira pamalopo. Apa pali msampha umene okonza masamba ena amagweramo: linkiyo iyenera kugwiradi ntchito. Ngati choseweretsa kanema cha patsambalo sichidziwa tanthauzo la `t=1880`, n'kumangoyambira pachiyambi, ndiye kuti zolembedwazo zikulonjeza chimene tsamba silingachite. Google imafunanso kuti kanemayo akhale wa masekondi osachepera 30.

Makina akamadula okha

Wina angafunse kuti, nanga makinawo sangadzichitire okha ntchito imeneyi? Amayesa ndithu. Mu 2021 YouTube inafalitsa machaputala odzipanga okha, ndipo mu YouTube Studio muli kabokosi kochonga kololeza kapena kukaniza zimenezi pa kanema aliyense. Chaka chomwecho Google inatsegula njira yotchedwa `SeekToAction`, imene mwini tsamba amangouza makina mmene malinki ake a nthawi amapangidwira, makinawo n'kudzisankhira okha mbali zofunika. Amatero pomvetsera zolankhulidwa, powerenga mawu ooneka pa sikirini, ndi poona pamene chithunzi chasintha kwambiri.

Apa ndiye pamene wolankhula Chichewa ayenera kutchera khutu. Mndandanda wa zilankhulo zimene Google inatchula pa njira ya `SeekToAction` unali ndi zilankhulo 12, monga Chingerezi, Chipwitikizi, Chifalansa, Chijeremani, Chitchaina ndi Chijapani. Chichewa munalibe, ndipo munalibenso chilankhulo china chilichonse chobadwira mu Afirika. Njira ya `Clip`, imene munthu amalemba yekha, Google inati imagwira m'zilankhulo zonse zimene kufufuza kwake kumapezeka. Kusiyana kumeneku sikodabwitsa. Makina osandutsa zolankhula kukhala zolemba amaphunzira pa maola ambirimbiri a mawu ojambulidwa, ndipo Chingerezi chili ndi nkhokwe yaikulu pamene Chichewa chili ndi yochepa. YouTube inayamba kudzilembera yokha mawu a m'makanema a Chingerezi mu 2009. Mphunzitsi wa ku London amene sanalembe machaputala angapezebe kuti makina amva zimene ananena ndipo amudulira kanema mosakhumudwitsa. Mlangizi wa ku Dowa, kapena m'busa wa ku Chipata kapena ku Ulongwe wolalikira m'Chinyanja, sangadalire mwayi umenewo. Kwa iye, mizere isanu ndi itatu ija ingakhale mawu okhawo a Chichewa amene makina angawerenge okhudza za m'kati mwa kanema wake.

Ngakhale m'Chingerezi momwemo, machaputala odzipanga okha amaphophonya. Makina amazindikira kuti nkhani yasintha, koma sadziwa chimene woonera wabwerera. Angadule pamene wolankhula wangosintha malo oima, n'kusiya osadula pamene wayamba nkhani yofunikadi. Ubwino wake ngwakuti zolembedwa ndi mwini zimapambana: pa YouTube mndandanda wa mwini umalowa m'malo mwa wodzipanga wokha, ndipo Google imanena kuti imatsogoza mbali zimene mwini wasankha.

Luso lagona pa dzina

Manambala ndi ntchito ya kuleza mtima basi. Pamene anthu amasiyana luso ndi pa kutcha maina. Mndandanda wakuti "Gawo loyamba, Gawo lachiwiri, Gawo lachitatu" umakwaniritsa malamulo onse atatu a YouTube, kamzere kamaduka bwinobwino, koma suuza munthu kanthu ndipo supatsa makina liwu lililonse logwira. Maina okopa, monga "Apa ndiye mudabwa!", nawo ndi chimodzimodzi. Palibe munthu amene amalemba mawu amenewo pofufuza.

Dzina labwino limatenga mawu amene wofunsayo angagwiritse ntchito, osati a m'buku la kukoleji. Mlimi amene nkhuku zake zikuwodzera ndi kupinda makosi salemba dzina la matendawa la akatswiri. Amalemba "chitopa", ndipo m'madera ena "chideru". Mlangizi wodziwa anthu ake angaike limodzi m'dzina la chaputala, linalo m'mawu ofotokozera a pansi pake, pakuti bokosilo limalandira zilembo 5,000 ndipo malo ndi ambiri. Liwu lofunika likhale koyambirira kwa dzina, chifukwa pa sikirini ya foni dzina lalitali limadulidwa kumapeto. "Katemera wa chitopa ndi kadonthezedwe kake" akadulidwa amatsalabe ndi tanthauzo; "Tsopano tiyeni tikambirane nkhani yofunika kwambiri ya katemera" akadulidwa amatsala mawu opanda kanthu.

Kuchuluka kwa machaputala nako kumafuna maso. Lamulo limalola chaputala cha masekondi 10, koma kanema wa mphindi 52 wodulidwa magawo 60 amabwezera vuto lomwe lija la chala chachikulu pa kamzere kakang'ono, ndipo mndandanda wake umatopetsa kuwerenga. Magawo atatu okha nawo ndi ochepa, chifukwa munthu amasocherabe m'chigawo cha mphindi 17. Muyeso wothandiza ndi funso: kodi munthu wongofikira pano, osaona za m'mbuyo, angamve zimene zikukambidwa n'kupeza yankho lathunthu asanafike pamalire otsatira? Ngati inde, chimenecho ndi chaputala. Izi zimasintha ngakhale kajambulidwe. Wojambula amene akudziwa kuti ena adzalowera pakati amayamba chigawo chilichonse potchula nkhani yake momveka, m'malo mongoti "monga ndanena kale paja".

Pali chinyengo chimene ena amayesa, chodzaza maina a machaputala ndi mawu otchuka amene sali m'kanemamo, kuti akole ofufuza ambiri. Malamulo a YouTube amaletsa mitu ndi mawu ofotokozera osocheretsa, koma ngakhale popanda chilango, wodina amene wapeza zosiyana ndi zimene analonjezedwa amachoka pomwepo, ndipo kuchoka msanga kotero kumaoneka m'ziwerengero za kanemayo.

Zimene machaputala sachita

Alangizi ena a zamalonda a pa intaneti amakonda kunena ngati kuti machaputala ndi mankhwala okwezera kanema pamwamba pa zotsatira za kufufuza. Google silonjeza zimenezo. Silonjezanso kuti `Key moments` adzaoneka pa kanema aliyense amene ali ndi mndandanda. Imasankha yokha, ndipo kanema yemweyo angaoneke ndi timalinki take pa funso lina, n'kuoneka wopanda pa funso lina. Chotsimikizika n'chakuti machaputala amapatsa makina mawu oti agwirizanitse ndi funso, ndi malo oti atumizeko munthu. Kanema wosamveka mawu kapena wopanda yankho lenileni amakhalabe wotero, angokhala ndi zikwangwani.

Eni makanema ambiri ali ndi nkhawa ina, ndipo siyopanda maziko. YouTube imayang'ana nthawi imene anthu amakhala akuonera, ndiye kupatsa anthu njira yolumphira kumaoneka ngati kudzidula phazi. Mayi wa ku Mponela uja aonera mphindi zisanu ndi imodzi ndi theka mwa 52. Komabe funso loyenera ndi lakuti, popanda machaputala akanaonera zingati? Munthu wofuna yankho limodzi, amene bandulo yake ikutha, sakhala mphindi 31 kudikira. Amasakasaka kwa kanthawi n'kupita kwina. Pa makanema ophunzitsa, a misonkhano ndi a mafunso ndi mayankho, kulumpha kumachitika kale, machaputala alipo kapena palibe. Iwo amangochititsa kuti wolumphayo atere pabwino.

Mwini kanema safunika kungokhulupirira zimenezi mwamaganizo. Mu YouTube Studio muli chithunzi cha mzere wosonyeza kuchuluka kwa anthu otsalabe pa mphindi iliyonse ya kanema. Pamene mzerewo watumphuka ndi pamene anthu akubwereza kapena kulumphirapo. Pamene walowa pansi ndi pamene akudumpha kapena kuchoka. Kuyambira mu 2022 oonera nawo amaona kaphiri kotuwa pamwamba pa kamzere m'makanema ena, kosonyeza mbali zobwerezedwa kwambiri. Mlangizi akaona kuti mzere watumphuka pa 31:20 ndi pa 44:10, koma wagwa pa chigawo cha khola, waphunzira kanthu za alimi ake: akudera nkhawa matenda ndi ndalama, za khola akudziwa kale. Kanema wake wotsatira angakhale wa katemera yekha.

Si kanema aliyense amene amafuna kudulidwa. Sewero, filimu, nthano kapena nthabwala zimadalira kuti woonera asadziwe chobwera, ndipo chaputala chotchedwa "Imfa ya mfumu" chimaulula zonse munthu asanayambe n'komwe. Mpira wojambulidwa wonse uli ndi vuto lomwelo: maina a machaputala angaulule zigoli kwa amene ankafuna kuonera ngati kuti ukuseweredwa kumene. Pa makanema otere mwini angachite bwino kuchotsa chochonga pa kabokosi ka machaputala odzipanga okha, kapena kutcha magawo maina osaulula kanthu, monga "Chigawo chachiwiri". Apa ndiye pokhapo pamene dzina lopanda kanthu limakhala ndi ntchito. Kanema wa mphindi zitatu wa nkhani imodzi nayenso safuna machaputala, palibe posochera.

Chimbale chathunthu cha nyimbo, ulaliki wotsogozedwa ndi zolengeza ndi makwaya, msonkhano wa atolankhani kapena phunziro lobwereza za mayeso a Fomu 4 zili kumbali inayo, ndipo zambiri mwa izo zinaikidwa kale pa intaneti zaka zapitazo popanda mndandanda uliwonse. Bokosi lofotokozera limasinthika nthawi ina iliyonse, kotero kanema wa 2017 angapatsidwe machaputala lero osataya chiwerengero cha oonera, ndemanga kapena linki yake. Ntchito yake ndi kuonera kanemayo kamodzi, mwina mothamangitsa kawiri, kulemba nthawi ndi maina, kenako kudina nambala iliyonse payokha kuti atsimikize kuti ikufikira pachiyambi cha chiganizo. Pa YouTube kamzere kamaduka posakhalitsa mwini akasunga zosinthazo. Ku Google kumatenga nthawi, chifukwa makina ake ayenera kudzayenderanso tsamba la kanemayo asanaone mndandanda watsopano.